Nkhani ya mphindi 5 pa makina opereka masekondi 8

Makina opanga kanema pogwiritsa ntchito nzeru zochita kupanga amadabwitsa munthu akawaona koyamba. Umalemba mawu angapo, ndipo patapita kanthawi umaona munthu akuyenda, fumbi likukwera, dzuwa likuwala pamadzi. Koma ntchito yawo ndi yaifupi kwambiri. Veo 3, amene kampani ya Google inatulutsa mu Meyi 2025, amapereka masekondi 8 pa ulendo umodzi. Kling wa kampani ya Kuaishou ya ku China ndi Gen-4 wa Runway anabwera ndi masekondi 5 kapena 10. Sora wa OpenAI, potsegulidwa kwa anthu mu Disembala 2024, sankapitirira masekondi 20. Tsono nkhani ya mphindi 5 ndi masekondi 300. Mukagawa ndi 8 mupeza tizidutswa 38, ndipo popeza kachidutswa kalikonse mudzakadula kumutu ndi kumchira n'kutsala ndi masekondi mwina 5 abwino, konzekerani tizidutswa pafupifupi 60.

Kuchuluka kwake sikuopsa. Chovuta n'chakuti makinawa sakumbukira. Ali ngati waganyu watsopano amene mumamulemba m'mawa uliwonse kuti apitirize khoma limene sanalione dzulo: zimene simunamuuze kapena kumuonetsa, adzaziganizira yekha. Mtsikana amene anavala chitenje chofiira m'kachidutswa koyamba amatulukira atavala chobiriwira m'kachiwiri. Ndowa imene inali pamutu yafika m'manja. Dzuwa la m'mawa lasanduka la madzulo. Woonera sangathe kutchula cholakwikacho, koma amamva kuti nkhani yaduka, ndipo mtima wake umachokapo.

Tiyeni titenge chochitika chimodzi chopeka. Mtsikana dzina lake Chisomo akutunga madzi pamjigo. Akusenza ndowa, akuyamba ulendo wa kunyumba, mlongo wake wamng'ono akubwera akuthamanga ndi kalata, iye akutula ndowa n'kuwerenga kalatayo. Papepala izi ndi mizere iwiri yokha, ndipo wongoyamba kumene amazilemba zonse pamodzi n'kuwapatsa makina. Chimene chimatuluka n'chomvetsa chisoni: makina amapanikiza zochitika zisanu m'masekondi 8, ndowa imadzikwera yokha pamutu, kalata imamera m'dzanja, ndipo zina amangozisiya.

Choncho lamulo loyamba n'lakuti kachidutswa kamodzi kanyamule chochita chimodzi. Njira yodziwira ndi yosafuna ndalama: imirirani, chitani nokha chochitacho, wina akuwerengereni nthawi pafoni. Kunyamula ndowa yodzaza kuchokera pansi kufika pamutu kumatenga masekondi angapo, ndiye ndi kachidutswa pakokha. Chochitika cha Chisomo chikagawidwa motero chimatuluka tizidutswa 6. Koyamba akupopa mjigo, madzi akudzaza. Kachiwiri akuwerama n'kusenza. Kachitatu akuyenda. Kachinayi tikuona mnyamata akuthamanga. Kachisanu akumana, iye akuyamba kutula ndowa. Komaliza tili pafupi ndi nkhope yake akuwerenga. Mawu olankhulidwa nawonso muwawerenge mokweza ndi wotchi, chifukwa mawu athu a Chichewa ndi ataliatali, ndipo chiganizo chooneka chachifupi papepala chikhoza kudya masekondi onse 8.

Funso lalikulu ndi la malo oduliramo. Ambiri amadula pamene chochita chatha: Chisomo wasenza, waima njo, kachidutswa katha; kotsatira kakuyamba ataimanso, kenako n'kunyamuka. Mukatilumikiza, kanema amayenda modukizadukiza, ngati aliyense akudikira kuuzidwa chochita. Akatswiri olumikiza mafilimu anazindikira kalekale kuti diso silizindikira podulapo ngati padulidwa mkati mwa kuyenda. Choncho kachidutswa kachiwiri kathe ndowa ili m'mwamba, isanakhazikike pankhata. Kachitatu kayambe kamera ili pamalo ena, ndowa ikutera pankhata, phazi likunyamuka kale. Diso limatsatira ndowayo ndipo silifunsa kuti kamera yasuntha liti. Kuti zimenezi zitheke, pemphani makina kuti chochita chomwecho chioneke kawiri, kumapeto kwa kachidutswa kena ndi kumayambiriro kwa kotsatira. Kubwereza kumeneku ndi kumene kumakupatsani malo osankha podula.

Apa ndi pamene kope ndi cholembera zimaposa makina. Pa kachidutswa kalikonse lembani mmene zinthu zilili poyamba ndi pomaliza. Pa kachisanu, mwachitsanzo: Chisomo ali kumanzere akuyang'ana kumanja, ndowa yabuluu yodzaza ili pamutu, dzanja lamanja lagwira mlomo wa ndowa, mnyamata ali kumanja, kalata ili m'dzanja lake lamanzere, dzuwa likuchokera kumbuyo kwa kamera. Mapeto a kachidutswa aka ndiwo chiyambi cha kotsatira. M'makampani a mafilimu muli munthu amene ntchito yake yonse ndi kulemba zoterezi, ndipo amene mukupanga nokha ndinu muyenera kuigwira. Mawu ofotokoza Chisomo, msinkhu wake, tsitsi, bulauzi yoyera, chitenje chofiira, muziwakopera momwemo ulendo uliwonse osasintha ngakhale liwu limodzi. Mukalemba “mtsikana” pano, uko “mayi wachitsikana”, mwapempha anthu awiri. Ndipo sankhani zovala zosavuta. Chitenje cha maluwa ambirimbiri n'chokongola, koma makina amachijambula mwatsopano nthawi iliyonse; cha mtundu umodzi kapena cha mizere ikuluikulu chimasungika bwino.

Mawu okha sakwanira kusunga nkhope. N'chifukwa chake makina ambiri tsopano amalola kuti muwapatse chithunzi choyambira, ena chomalizira chomwe. Kling amalola zimenezi, ndipo mu Flow wa Google muli Frames to Video wa zithunzi zoyambira ndi zomalizira, komanso Ingredients to Video wa zithunzi za munthu kapena chinthu chimene mukufuna chisasinthe. Kanema ndi zithunzi zotsatizana mofulumira, kawirikawiri 24 pa sekondi, kotero masekondi 8 ali ndi zithunzi 192. Mukatenga chomaliza n'kuchipereka ngati choyambira cha kachidutswa kotsatira, munthu, malo ndi kuwala zimapitirira. Pakompyuta, pulogalamu yaulere ya ffmpeg imachitulutsa motere:

```
ffmpeg -sseof -1 -i clip03.mp4 -update 1 last.png
```

Njira imeneyi ndi yokoma, ndipo kukoma kwake n'kumene kumagwetsa anthu. Ili ndi matenda awiri. Oyamba: chithunzi sichidziwa liwiro. Chisomo amayenda, koma pachithunzi waima, phazi lili m'malere. Makina akachilandira nthawi zambiri amamuimika kaye pang'ono, kenako n'kumuyambitsanso, nthawi zina ndi phazi lina. Mukaonera mudzaona kakugwedezeka pamalo olumikizira. Mankhwala ake ndi kulemba momveka kuti munthuyo ali kale paulendo, akuyenda pa liwiro lomwelo, ndiyeno polumikiza kudula zithunzi zoyambirira, mwina 12, zomwe ndi theka la sekondi. Musaiwale kuti chithunzi cholumikizira chija chili kawiri, kumapeto ndi kumayambiriro, ndipo chimodzi chiyenera kuchoka. Extend wa mu Flow amachepetsa vutoli chifukwa amayang'ana sekondi yonse yomaliza ya kachidutswa kapitako, osati chithunzi chimodzi.

Matenda achiwiri amabwera mwakachetechete. Chithunzi chomaliza cha kachidutswa sichifanana ndendende ndi choyamba: nkhope yasintha pang'ono, mitundu yawonjezera ukali, tinthu tating'ono tafufutika. Mukamangirira kachidutswa kachiwiri pa chimenecho, kachitatu pa kachiwiri, zolakwikazo zimaunjikana. Mukaonera tizidutswa motsatizana simuziona. Kuti muzigwire, ikani chithunzi choyamba cha Chisomo pambali pa chatsopano. Mudzapeza khungu lasalala ngati la chidole, mphuno yasintha, ndowa yabuluu yayamba kuoneka yobiriwira. Malangizo anga ndi akuti musamangirire kopitirira kawiri kapena katatu. Kenako sinthani malo a kamera n'kuyambanso kuchokera pa chithunzi choyambirira chija, chimene munachisunga ngati muyezo.

Kusintha malo a kamera kuli ndi mwambo wake. Kusinthako kukhale kooneka: kuchokera patali kufika pafupi, kapena kupendeka kwa madigiri osachepera 30. Mukasuntha pang'ono chabe, woonera amaona ngati chithunzi chalumpha. Komanso jambulani m'maganizo mzere pakati pa Chisomo ndi mlongo wake, kamera ikhale mbali imodzi ya mzerewo. Ngati Chisomo akuyenda kuchokera kumanzere kupita kumanja, mnyamata athamange kuchokera kumanja kupita kumanzere, ndiye woonera adzadziwa kuti akumana. Makina sasamala zimenezi pokhapokha mutawauza. Akamutembenuza Chisomo m'kachidutswa kachisanu, anthu adzaganiza kuti wabwerera kumjigo. Ena amangotembenuza kanemayo ngati pagalasi m'pulogalamu yolumikizira monga CapCut. Zimathandiza, koma dziwani kuti kalata ya m'dzanja lamanzere imasamukira kumanja, ndipo zolembedwa zilizonse zimawerengeka chambuyo.

Kachidutswa kachinayi, ka mnyamata wothamanga, kali ndi ntchito ina yobisika. Pamene tikumuona iye, Chisomo sali pamaso pathu, ndipo tikabwerera kwa iye diso limakhululuka kusintha kwakung'ono. Dzanja lotsegula kalata, madzi akukhavukira m'ndowa, nkhuku ikudutsa panjira: tizithunzi totere timapulumutsa malo amene akana kulumikizika. Pangani tingapo tapadera musanatifune. Ngati nkhani ikufunadi kuoneka yosaduka, pali njira yakale. Mu 1948 Alfred Hitchcock anajambula filimu ya Rope ndi kamera imene inkatha filimu pa mphindi pafupifupi 10, ndipo malo ena olumikizira anawabisa poyandikitsa kamera kumsana kwa jekete ya wosewera mpaka chithunzi chonse chide. Inunso mutha kumaliza kachidutswa Chisomo akudutsa kuseri kwa thunthu la mtengo wa mango, kotsatira n'kuyamba akutulukira mbali inayo.

Chotsala ndi phokoso, ndipo ambiri amaliganizira mochedwa. Veo 3 amapanga ndi mawu omwe, koma kachidutswa kalikonse kamabwera ndi mphepo yake, mbalame zake, nthawi zina liwu la munthu losiyana. Khutu limagwira kuduka msanga kuposa diso. Zimitsani phokoso la tizidutswa tonse, muyale phokoso limodzi la pamalopo kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Kulira kwa mjigo kupitirire pang'ono pamene Chisomo wanyamuka kale, ndipo mapazi a mnyamata amveke asanaoneke. Zokambirana za m'Chichewa ndi bwino kuzijambula ndi anthu enieni pafoni, m'chipinda chopanda phokoso, ndipo muzijambule musanapange kanema, kuti kutalika kwa mawu ndiko kukuuzeni kutalika kwa kachidutswa.

Kuyesa kulikonse pa makinawa kumadya ndalama ndi bandulo, ndipo si kawirikawiri kuti kachidutswa katuluke bwino ulendo woyamba. Tsono musathamangire tizidutswa 60. Sankhani malo amodzi ovuta kwambiri m'nkhani yanu, monga paja ndowa ikuchoka pamutu, mupange tizidutswa tiwiri tokha ta pamenepo, mutilumikize, muonetse munthu amene nkhaniyo saidziwa. Mufunseni kuti aloze pamene mwadula. Akaloza msanga, bwererani ku kope lanu mukonze mapeto a koyamba ndi chiyambi cha kachiwiri musanalipire tina totsalato.