Ochita zisudzo za madzi ku Kafue ndi khamu lokwiya

Ena mwa madzi amene anthu a ku Lusaka amamwa amachokera ku Kafue. Amatungidwa mu mtsinje, n'kuyeretsedwa pa Iolanda, kenako amakankhidwa m'mapaipi mtunda woposa makilomita 40 kukwera ku likulu. Munthu wa ku Shikoswe kapena ku Zambia Compound m'tauni ya Kafue amazidziwa bwino zimenezi, ndipo tsiku limene mpopi wake wauma amazikumbukira kwambiri. Ndiye wina akabwera ndi nkhani ya ndalama yatsopano yolipirira madzi, asayembekezere kuomberedwa m'manja.

Amene amatumidwa kukaima pamaso pa anthu oterewa nthawi zambiri si mabwana a m'maofesi. Ndi magulu a zisudzo a m'makomboni: anyamata ndi atsikana ochepa, ng'oma ziwiri, zovala za m'thumba la saka, ndi mmodzi wamkulu amene amalemba sewero ndi kulitsogolera. Amalembedwa ganyu ndi mabungwe, a zaumoyo kapena khonsolo, ndipo malipiro ake ndi a tsiku limenelo basi. Ntchito ikasowa, wina amabwerera ku salaula, wina kokagulitsa nsomba m'mbali mwa msewu waukulu.

Ntchitoyi ili ndi mbiri yake m'Zambia. Gulu la Chikwakwa la pa yunivesite ya Zambia, limene Michael Etherton anali m'gulu la oliyambitsa, linatulutsa zisudzo m'nyumba za azungu n'kupita nazo kwa anthu m'zinenero zawo. Mu 1979 ku Chalimbana kunachitika msonkhano wophunzitsa zisudzo za chitukuko, ndipo njira yake ndi imene ikugwirabe ntchito: kuyamba mwafufuza vuto pakati pa eni ake, kulipanga sewero, kenako kukambirana nawo. Kwa Augusto Boal wa ku Brazil ochita zisudzo anatengako nzeru yoimitsa sewero pakati kuti woonerera alowe m'bwalo, aonetse yekha zimene akanachita.

Nkhani ya mijigo ya mu 2018 ndi chitsanzo chabwino cha mmene sewero lotere limavutira kulemba. Chaka chimenecho boma linatulutsa malamulo oti mjigo uliwonse ulembetsedwe ku WARMA, bungwe loyang'anira madzi a m'mitsinje ndi a pansi panthaka, ndipo wa pakhomo alipire K250 kamodzi. Anthu anapsa mtima. Mjigo anakumba ndi ndalama zawo chifukwa mpopi sunafike kwawo, nanga lero alipirenso chiyani? Mphekesera inathamanga kuposa lamulo: ena anamva kuti ndi msonkho wa mwezi uliwonse, ena kuti ngakhale chitsime chokumba ndi khasu achiika mita.

Wolemba wosadziwa ntchito amachita chonchi. Amaika mlimi wouma mutu amene akukana kulipira, kenako ofisala wovala tayi amabwera kudzamuwongola, mlimi uja n'kupepesa. Sewero lotere silifika kumapeto. Oonerera amazindikira msanga kuti chitsiru cha m'bwalomo ndi iwowo, ndipo zizindikiro zake sizibisika: kuseka kumatha, amayi amayamba kutsonya, kumbuyo kumamveka mawu akuti "Akulipirani zingati?" Funso limenelo likangomveka, ochita sewero asanduka a boma, ndipo mkwiyo wonse umagwera iwo.

Wodziwa amayambira kumsika ndi pamzere wa pakiyosiki, masiku angapo sewero lisanachitike, kumvetsera mmene anthu akudandaulira. Mawu okwiya kwambiri amawapatsa munthu wolemekezeka wa m'seweromo, monga mayi wamasiye wolera adzukulu, ndipo amawanena koyambirira penipeni. Khamu likamva madandaulo ake akutuluka m'kamwa mwa wosewera, silifunikanso kukuwa, limangovomereza kuti "Eya, auzeni!" Ofisala nayenso salembedwa ngati mdyerekezi. Amapatsidwa mfundo yake yoona: m'makomboni ambiri zimbudzi zokumba zili pafupi ndi madzi akumwa, ndipo kolera ya mu 2017 ndi 2018 ku Lusaka inaonetsa kuopsa kwake. Popanda kaundula wa mijigo, palibe angadziwe amene akumwa madzi oipa.

Povuta kwambiri ndi apa: khamu silikwiya ndi chinthu chimodzi. Sewero likunena za K250, koma bambo wina waimirira ndi bilu ya madzi m'manja, akuti inakwera pamene mpopi unakhala wouma. Mayi wina akudandaula za mtengo wa chigubu. Izi ndi ndalama zitatu zosiyana, za eni ake osiyana. Ya mjigo ndi ya WARMA. Bilu ndi ya kampani ya madzi ya Lusaka, imene imatumikiranso Kafue, ndipo mitengo yake imavomerezedwa ndi NWASCO, bungwe lokhazikitsidwa ndi lamulo la madzi la mu 1997. Ya pakiyosiki imadutsa m'manja mwa wogulitsa. Wotsogolera sewero amene sangathe kuzilekanitsa pomwepo, mosayang'ana pepala, ndi bwino atsale kunyumba.

Ndiye amatani ndi bambo wa bilu uja? Samutsutsa, ndipo salonjeza kanthu. Amaimitsa ng'oma, amamuyandikira, n'kunena kuti, "Atate, bwerani pakati pano, anthu onse amve." Munthu wokuwa ali kumbuyo amalimba mtima chifukwa cha khamu, akaima pakati amayamba kufotokoza. Wotsogolera amabwereza dandaulo lake mokweza kuti bamboyo aone kuti lamveka, kenako amafunsa zinthu zogwirika. Kodi pakhomo pali mita? Nambala ya pa bilu ikufanana ndi ya pa mita, kapena ndi yongoyerekeza? Anayesapo kutseka mipopi yonse n'kuona ngati mita ikuyendabe? Ikamayenda, paipi ikudontha penapake mkati mwa mpanda, ndipo madziwo amalipira ndi mwini nyumba. Ikaima koma manambala n'kusiyana, bamboyo ali ndi mlandu wabwino. Apite nawo ku ofesi ya kampani, alembetse dandaulo, ndipo likapanda kuyankhidwa alifikitse ku NWASCO kapena kwa anthu ake odzipereka a Water Watch Group kumene alipo.

Mayi wa chigubu amathandizidwa ndi masamu. Malita 1,000, amene ndi muyeso wa pa bilu, ndi zigubu 50 za malita 20. Tiyerekeze kuti wina akumugulitsa chigubu pa K1: ndiye kuti akulipira K50 pa muyeso umodzi, ndipo akhoza kuyerekeza yekha ndi bilu ya mnansi wake wa mpopi. Kawirikawiri wosauka wogula kwa ogulitsa a m'njira ndiye amalipira zambiri pa lita. Olemba ganyu ena sakonda kuti zimenezi zinenedwe pagulu, koma sewero lozibisa limakhala la bodza.

Pali malire ake. Woledzera sapatsidwa bwalo. Mmodzi wa gulu amamutengera pambali. Nkhani ikakhotera ku zipani, ng'oma imalira ndipo nyimbo imayamba. Mwala woyamba ukaponyedwa, sewero latha, palibe kukambirana. N'chifukwa chake gulu losamala limaonana kaye ndi khansala ndi atcheya a msika, limadziwitsa apolisi, ndipo limasewera m'mawa mabala asanadzaze.

Cholakwa chachikulu sichikhala cha osewera. Ndi cha amene amawatuma okha, popanda munthu wa ku ofesi woti ayankhe mafunso ndi kulemba madandaulo m'buku anthu akuona. Wosewera sangachotse ngakhale ngwee imodzi pa bilu ya munthu. Gulu limene lauzidwa kuti ofisala sabwera lili ndi ufulu wokana ganyuyo, ndipo liyenera kukana.