Kalata yopempha kuti malipiro aunikidwenso: zomwe bwana amafuna kuona

Mu Novembala 2023, Banki Yaikulu ya Malawi inachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti, pamwamba pa 25 peresenti ya mu Meyi 2022. Chaka chotsatira mitengo ya zinthu inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti. Munthu amene malipiro ake anaima pa K400,000 anapeza kuti ndalamayo ikugula katundu amene chaka chapitacho ankagulidwa ndi K308,000. Boma linakweza malipiro otsikitsitsa kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, koma lamulo limeneli limateteza a pansi penipeni okha. Kalaliki, wosunga katundu m'sitolo kapena wowerengera ndalama amene ali kale pamwamba pa mlingowo amadikira chifundo cha kampani, apo ayi atenge cholembera.

Ambiri akatenga cholembera amalemba za mavuto awo: lendi yakwera, fizi ya ana, thumba la chimanga, mtengo wa minibasi. Zonsezi n'zoona, ndipo sizochititsa manyazi. Vuto lake ndi lakuti aliyense pakampanipo, kuyambira mlonda mpaka bwana yemwe akuwerengayo, angathe kulemba kalata yomweyo. Yankho lake limakhala lodziwikiratu: "Tamva, koma zinthu zavuta kwa tonse. Dikirani nthawi yokweza onse." Komanso bwana wolandira kalata kawirikawiri si amene amagwira thumba. Ayenera kuinyamula kupita nayo kwa oyang'anira antchito ndi kwa mkulu wa zachuma, ndipo kumeneko adzafunsidwa chifukwa chokwezera munthu mmodzi n'kusiya anzake. Kalata yabwino imamupatsiratu bwanayo mayankho.

Tiyerekeze mayi wina wogwira ntchito yotolera ngongole pa kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Limbe. Amalandira K400,000 msonkho usanachotsedwe, ndipo papita zaka ziwiri asanakwezedwe. Asanalembe kalikonse, akutsegula mabuku a kuntchito. Akupeza kuti pamene ankapatsidwa udindowo, ngongole za makasitomala zopitirira masiku 90 zinali K48 miliyoni, ndipo tsopano zatsala K19 miliyoni. Akukumbukiranso kuti mnzake wolemba mainivoisi atasiya ntchito miyezi isanu ndi itatu yapitayo, sipanalembedwe wina, ndipo ntchito yonseyo inagwera iye.

Mfundo ziwirizi ndi zokwanira. Mawu akuti "ndimagwira ntchito molimbika" palibe amene angawatsutse, komanso palibe amene angawatsimikize. Koma K48 miliyoni ndi K19 miliyoni zili mu lipoti la mwezi ndi mwezi limene bwana anasainira yekha. Apa m'pofunika chilungamo: ngati ndalama zina zinabwera chifukwa loya wa kampani anaopseza makasitomala, kapena ngongole zina zinangofufutidwa m'mabuku, mayiyu anene gawo lake lokha. Mkulu wa zachuma amadziwa nkhani ya nambala iliyonse, ndipo akapeza imodzi yokokomeza amayamba kukayikira kalata yonse.

Gawo lovuta ndi la malipiro a kwina. Ku Malawi zotsatsa ntchito m'nyuzipepala za The Nation ndi The Daily Times nthawi zambiri sizitchula ndalama, zimangoti malipiro ndi abwino molingana ndi luso. Choncho umboni umatoledwa pang'onopang'ono: zotsatsa zochepa zomwe zatchula ndalama, anzako a kukoleji amene ali pa ntchito yofanana, makampani othandiza kulemba anthu ntchito, kapena ndalama imene munthu anauzidwa pa intavyu kwina. Mayi wathuyu wapeza manambala atatu ochokera ku makampani a msinkhu wofanana mu Blantyre: K520,000, K560,000 ndi K600,000.

Ambiri amaphonya poyerekeza zinthu zosafanana. Mnzako akati "ndimalandira K500,000", funso loyamba ndi lakuti ndalamayo ndi yolowa m'thumba kapena ndi ya msonkho wa PAYE ndi penshoni zisanachotsedwe. Lachiwiri ndi la maalawansi: kwina malipiro amaoneka ochepa koma pali ndalama ya nyumba, ya mayendedwe ndi thandizo la kuchipatala. Ndipo kuyerekeza kampani ya malonda ya ku Limbe ndi bungwe lakunja limene bajeti yake ili m'madola n'kudzipusitsa. Bwana adzangoti khomo la kumeneko ndi lotsegula. Dzina la udindo lokha nalonso limasocheretsa, chifukwa anthu awiri otchedwa owerengera ndalama akhoza kusiyana kwambiri pa kukula kwa ntchito yawo.

Kalata yeniyeniyo, imene m'maofesi ambiri imalembedwa m'Chingerezi, isapitirire tsamba limodzi. Mtima wake ungamveke chonchi: "Bwana, ndalemba kupempha kuti malipiro anga aunikidwenso. Chitengereni udindo wotolera ngongole, ngongole zopitirira masiku 90 zatsika kuchoka pa K48 miliyoni kufika pa K19 miliyoni, monga malipoti omwe ndaphatikiza akuonetsera. Kwa miyezi isanu ndi itatu ndakhalanso ndikulemba mainivoisi onse. Ntchito yofanana m'makampani atatu a msinkhu wathu imalipidwa pakati pa K520,000 ndi K600,000. Ndikupempha K540,000 kuyambira chaka cha ndalama chikubwerachi, ndipo ndingakondwe titakumana kuti tikambirane."

Kutchula ndalama kumaopsa anthu, chifukwa ambirife tinakula tikumva kuti wamkulu sauzidwa chochita. Koma amene wangolemba kuti "mundiganizireko" akhoza kupatsidwa 10 peresenti n'kuuzidwa kuti pempho lake layankhidwa, pamene mitengo yakwera katatu kuposa pamenepo. K540,000 ndi kukweza kwa 35 peresenti, ndipo ili m'munsi mwa pakati pa manambala atatu aja, kotero siikuoneka ngati yongolota. Ndi bwinonso kuti wolembayo adziwe mmene pempho lake likuonekera kwa olipira. K140,000 yoonjezera, kuphatikiza K14,000 ya 10 peresenti imene lamulo la penshoni limalamula olemba ntchito kusonkha, ndi K154,000 pamwezi, kapena K1,848,000 pachaka. Ndalama imeneyi ndi yochepa kuyerekeza ndi malipiro a wolemba mainivoisi amene kampani sikumulipiranso.

Pali zinthu ziwiri zimene zimaononga kalata yabwino. Kutchula dzina la mnzako ndi malipiro ake kumasandutsa nkhani kukhala yofufuza amene anaulula. Zimasiyana pokhapokha ngati nkhani ndi ya tsankho, pakuti lamulo la ntchito la 2000 limati ntchito yofanana kulemera kwake ilipidwe mofanana posatengera kuti munthu ndi mkazi kapena mwamuna, ndipo dandaulo lotero lili ndi njira yake, kudzera ku ofesi ya zantchito mpaka kukhoti la Industrial Relations Court. Chachiwiri ndi kuopseza kuti usiya ntchito ulibe kopita. Mabwana ena amangolandira ndi manja awiri.

Nthawi yoperekera kalata imadalira bajeti. Kampani imene chaka chake cha ndalama chimayamba mu Januwale imakhala ikukonza malipiro cha mu Okutobala ndi Novembala, ndipo kalata yofika mu Febuluwale imapeza thumba litamangidwa kale. M'boma komanso kumene bungwe la ogwira ntchito linasainirana mgwirizano ndi olemba ntchito, malipiro amayendera magiredi, choncho chopempha ndi kuunikanso giredi kapena alawansi yogwirizira udindo. Ngati yankho ndi lakuti ndalama palibe, mayi uja afunse zomwe ayenera kukwaniritsa ndi mwezi umene nkhaniyo idzaonedwenso, ndipo apemphe kuti zimenezo zilembedwe papepala ndi kuikidwa m'fayilo yake.