Kalata yotuma munthu ku banki siitulutsa ndalama

Ndimaona anthu a ku Nsanama akudalira kalata potuma mwana ku banki ku Liwonde kapena ku Balaka, pofuna kupewa mtengo wa ulendo. Koma kalatayo imathandiza makamaka potenga mapepala, monga sitetimenti, ngati banki yavomereza. Ikhale ndi dzina lanu, nambala ya akaunti, dzina la wotumidwa ndi nambala ya chiphaso chake cha unzika, zimene akukatenga, tsiku, ndi siginecha yofanana ndi imene munasiya ku banki.

Ndalama ndi nkhani ina: banki siipereka pongoona kalatayo. Ena amati banki imangovuta, poti wotumidwayo ndi mwana wanu. Komatu kalaliki sangadziwe ngati munasaina mwaufulu kapena siginechayo ndi yabodza, ndipo ndalama zikapita molakwika mlandu umagwera banki. Ngati mukudwaladwala, pitani limodzi mudakali ndi mphamvu mukamulembetse pa fomu ya bankiyo. Mukamwalira, chilolezo chonsecho chimathera pomwepo.