Kugawa detabesi imodzi yaikulu sitolo ili chitsegukire

Sitolo yogulitsa katundu pa intaneti ikamayamba, zonse imazisunga m'detabesi imodzi: mayina a makasitomala, katundu, maoda ndi malipiro. Bizinesi ikakula, detabesiyo imalemedwa, ndipo wokonza za malipiro akasintha tebulo limodzi amasokoneza anzake a maoda. Apa eni ake amafuna kuti gawo lililonse likhale ndi detabesi yakeyake. Koma makasitomala akugula usana ndi usiku, ndiye sitolo singatsekedwe.

Mu 2004 Martin Fowler anayerekeza ntchito yotere ndi mtengo wonga kachere, umene umamera pa mtengo wina n'kumauzinga pang'onopang'ono mpaka wakalewo utafa. Chatsopano chimalanda ntchito gawo ndi gawo. Lamulo lalikulu n'lakuti nthawi iliyonse tebulo likhale ndi malo amodzi okha olembamo zenizeni. Tiyeni tione mmene tebulo la malipiro, `payments`, lingasamutsidwire m'detabesi ya PostgreSQL.

Gawo loyamba ndilo lalitali, ndipo palibe deta imene imasuntha. Akatswiri amafufuza pulogalamu iliyonse yogwira tebuloli. Amapeza mwina kuti tsamba la maoda limawerenga `orders` ndi `payments` nthawi imodzi pogwiritsa ntchito `JOIN`. Matebulo akadzakhala pa makompyuta awiri, zimenezi sizidzathekanso. Choncho pulogalamu ya maoda imakonzedwa kuti izifunsa pulogalamu ya malipiro m'malo mosuzumira yokha m'tebulo la eni.

Palinso china chimene chimatayika. Kale oda ndi malipiro ake zinkalembedwa pamodzi: zikatheka zitheke zonse, zikalephereka zilephereke zonse. Tsopano ndalama ikhoza kudulidwa oda osalembedwa. Pafunika kukonzeratu njira yobwezera ndalamayo zikatero.

Gawo lachiwiri ndi kukopera. Kuyambira mu 2017, PostgreSQL imatha kutumiza matebulo osankhidwa ku detabesi ina. Ku detabesi yakale amalemba kuti:

```sql
CREATE PUBLICATION malipiro FOR TABLE payments;
```

Ku yatsopano amayamba apanga tebulo lofanana nalo, kenako amalamula `CREATE SUBSCRIPTION`. Mizere yonse yakale imakoperedwa, ndipo chilichonse chosintha pambuyo pake chimatsatira. Njirayi imaposa youza pulogalamu kuti izilemba kuwiri, chifukwa uku kukalembeka uko n'kulephereka, madetabesi amasiyana popanda wodziwa. Komabe ili ndi msampha wake. Detabesi yatsopano ikasiya kulandira, yakale imasunga zosintha zonse kuidikira, mpaka disiki kudzaza ndi sitolo kuima. Woyang'anira azionamo mu `pg_replication_slots` kuti adziwe kuti yatsopano yatsalira motani.

Gawo lachitatu ndi kuyesa. Pulogalamu imawerenga konsekonse, kasitomala n'kupatsidwa yankho la detabesi yakale, la yatsopano n'kungoliyerekeza mwakachetechete. Amawerenganso mizere ndi kuwonkhetsa ndalama za tsiku lililonse mbali zonse. Ngati yakale ikuti dzulo panali malipiro 12,400 pomwe yatsopano ikuti 12,397, ntchito isapitirire mpaka atatuwo apezeke.

Gawo lachinayi, kusamutsa kulemba, ndilo loopsa. Kulemba m'tebulo lakale kumaimitsidwa kwa kanthawi kochepa, zopempha za makasitomala zikudikira pamzere. Yatsopano ikalandira chosintha chomaliza, mapulogalamu amalozetsedwa kumeneko. Kampani ya GitHub inafotokoza mu 2021 kuti pogawa detabesi yake ya MySQL, kusintha kotere kunkatha sekondi isanakwane, ndipo ankakuchita nthawi imene anthu ogwiritsa ntchito achepa.

Pano ambiri amaiwala chowerengera manambala. PostgreSQL imakopera mizere koma osati chida chopereka nambala ya mzere watsopano. Ngati malipiro omaliza anali nambala 8,400,000, detabesi yatsopano ingayambirenso pa 1, n'kukana malipiro chifukwa nambalayo ilipo kale. Chowerengeracho chikwezedwe ndi `setval` kulemba kusanayambe. Ndi nzerunso kutembenuza kukopera kuti zatsopano zizibwerera ku detabesi yakale, n'cholinga chakuti zinthu zikavuta mubwerere osataya malipiro a munthu.

Gawo lomaliza ndi kufufuta tebulo lakale, koma osathamanga. Liletseni kulembedwa, mudikire mwezi uthe, chifukwa mapulogalamu ena, monga opanga malipoti a kutha kwa mwezi, amaonekera kamodzikamodzi. Mukatsimikiza kuti palibenso wolifunsa, sungani kope lake ndipo mulichotse.

Malipiro akakhazikika, ndiye mutenge gawo lina. Musasamutse magawo awiri nthawi imodzi, ndipo musayambe gawo limene simunayese njira yake yobwerera.