Chifukwa chake logo imatuluka yachimbuuzi papepala

Pasikirini ya kompyuta, pulogalamu ya ukwati imaoneka yowala bwino. Koma makope akabwera kuchokera kosindikiza, nkhope ya mkwatibwi ili chimbuuzi ndipo zilembo za pa logo ya mpingo zili ndi timano ngati ta sowo. Ambiri amaloza chala makina kapena inki, chonsecho vuto limakhala kuti linayambira m'fayilo momwemo.

Chithunzi cha pafoni kapena pakamera ndi timadontho tambirimbiri totchedwa mapikiselo. Kuti chituluke chakuthwa papepala loliwerenga lili m'manja, osindikiza amafuna mapikiselo 300 pa inchi iliyonse, omwe ndi pafupifupi 118 pa sentimita. Sikirini imakhutira ndi ochepa kuposa pamenepa, n'chifukwa chake imanamiza maso.

Masamu ake ndi apafupi: mapikiselo a m'litali mwa chithunzi agawidwe ndi 118, ndipo yankho ndilo masentimita amene chithunzicho chingafike chisanayambe kuwonongeka. Chithunzi cha mapikiselo 4000 m'litali ndi 3000 m'lifupi, monga zimajambulira foni zambiri, chimafika masentimita 34, moti n'chokwanira tsamba lonse la A4. Koma chomwecho chikatumizidwa pa WhatsApp mwanthawi zonse, chimachepetsedwa kufika pa mapikiselo pafupifupi 1600, ndipo malire ake amatsikira pa masentimita 13 ndi theka. Wochitambasula pachikuto cha kalendala asadabwe ndi zotuluka. Njira yozembera vutoli ndi kuchitumiza ngati Document, pakuti chikatero chimafika osakhudzidwa.

Wina akaona kuti mapikiselo aperewera amathamangira ku Photoshop, n'kutsegula Image Size, n'kulemba 300 pomwe panali 72. Apa chofunika kuyang'ana ndi kabokosi ka Resample. Kakakhala kosachonga, mapikiselo sasintha. Chimene chimasintha ndi kukula kwa chithunzi papepala, ndipo pulogalamuyo imanena zoona zake za masentimita amene alipo. Kakachongedwa, kompyuta imapeka mapikiselo atsopano potengera mitundu ya oyandikana nawo. Fayilo imanenepa, nambala imasangalatsa, koma tsitsi ndi nsidze zimene zinatayika sizibwerera. Zili ngati kuthira madzi m'ndiwo kuti zikwanire alendo.

Kuchepetsa ndiye kulibe vuto, bola kuchitike molingana ndi malo amene chithunzi chikakhale. Ngati chithunzi cha mapikiselo 4000 chija chikatenge masentimita 10 okha m'kabuku, chikufunika mapikiselo 1180 basi. Kuchitsitsira pa 1200 kumachotsa mapikiselo oposa magawo 9 mwa magawo 10, fayilo n'kupepuka kwambiri, koma papepala diso silingaone kusiyana. Choyambirira chija chisungidwe padera, popeza tsiku lina chidzafunika pa posita.

Kupanikiza fayilo ndi nkhani ina. JPEG imapeputsa chithunzi potaya tina ndi tina timene diso silizindikira msanga, ndipo imagwira ntchitoyi m'timabokosi ta mapikiselo 8 m'litali ndi 8 m'lifupi. Ikapanikizidwa mopyola muyezo, timabokosito timayamba kuoneka pakhungu ndi pamitambo. Komanso nthawi iliyonse imene chithunzi chakonzedwa n'kusungidwanso ngati JPEG, chimatayako zina. N'kwanzeru kumaliza kaye zokonza zonse, kenako n'kusunga kamodzi pa mlingo wapamwamba.

Logo ndiyo imazunzika koposa, chifukwa ili ndi m'mphepete mwakuthwa ndi zilembo, zinthu zimene JPEG imazizunguliza ndi tizinyalala. Nthawi zambiri mlembi wa pa ofesi amangoikopera pa intaneti, pomwe ili ndi mapikiselo mwina 300 okha m'litali. Logo yotereyi malire ake ndi masentimita awiri ndi theka. Ikakokedwa kufika masentimita 10 pamwamba pa kalata, pa inchi pamatsala mapikiselo 76. Mankhwala ake ndi kupempha amene anaijambula fayilo ya vekitala, monga SVG, EPS kapena AI. Mmenemo mulibe mapikiselo. Muli malangizo a mizere ndi mitundu, moti logo yomweyo imatuluka yakuthwa pa chidindo ngakhalenso pa chikwangwani cha pamsewu. Vekitala ikasowa, PNG yaikulu ndi yabwino kuposa JPEG popeza simataya kanthu popanikiza.

Microsoft Word nayo imachepetsa zithunzi mwakachetechete posunga. Zimenezi zimaletsedwa polowa ku File, Options, Advanced, n'kuchonga Do not compress images in file, ndipo zichitike zithunzi zisanalowetsedwe. Posunga ngati PDF pasankhidwe Standard, osati Minimum size, yomwe anaikonzera zowerenga pasikirini.

Asanalamule makope mazanamazana, munthu atsegule PDF ija n'kuikuza kufika pa 300%. Logo ya vekitala imakhalabe yosalala, pomwe chithunzi choperewera chimaonetsa timabokosi take nthawi yomweyo. Kenako asindikize tsamba limodzi pa pepala lenileni limene ligwiritsidwe ntchito, chifukwa pepala wamba limamwa inki n'kufewetsa chithunzi kuposa lonyezimira.