Mtengo wa ufulu wogula mawa: masamu a mphanda ndi pamene amaterera

M'chaka cha 2005, mvula itavuta ndipo njala ili pakhomo, boma la Malawi linachita mgwirizano ndi banki ya Standard ya ku South Africa. Linalipira ndalama kuti likhale ndi ufulu wodzagula matani 60,000 a chimanga choyera pa mtengo wogwirizaniratu. Chimanga chikadatsika mtengo, boma likadausiya ufuluwo n'kukagula kotchipa. Chikakwera, banki inayenera kupereka pa mtengo wakale uja. Mgwirizano wotere umatchedwa opushoni. Woigula ali ndi ufulu koma sakakamizidwa, pamene woigulitsa ndiye womangika. Ndiye funso n'lakuti, womangikayo alipiritse zingati lero, pamene palibe akudziwa mtengo wa mawa?

Yankho lodziwika kwambiri ndi la Fischer Black ndi Myron Scholes la mu 1973, koma masamu ake ndi ozama. Mu 1979, John Cox, Stephen Ross ndi Mark Rubinstein anasindikiza njira imene munthu angaitsate ndi pensulo. Njirayi, yotchedwa bayinomiyo, imajambula tsogolo ngati msewu wa mphanda: pa mphanda iliyonse mtengo uli ndi kolowera kuwiri kokha, kukwera kapena kutsika.

Tiyese ndi sheya ya kampani, poti sheya sifumbwa ndipo sifuna nkhokwe. Lero ili pa R100. Tinene kuti pakatha miyezi itatu idzakhala pa R120 kapena pa R90, ndipo chiwongoladzanja cha ku banki pa miyezi itatuyo ndi 2 peresenti. Wina akufuna ufulu wodzagula sheyayo pa R105. Ikadzafika R120, adzagula pa R105 n'kupindula R15. Ikadzagwa pa R90, ufuluwo ndi wachabe.

Anthu ambiri akamva izi amayamba kulosera: kodi sheyayi ikwera kapena itsika? Njira ya mphanda sifunsa zimenezo, ndipo apa mpamene pagona nzeru yake yonse. Imafunsa kuti wogulitsa opushoni achite chiyani lero kuti, kaya mtengo ulowere kuti, adzakhale ndi ndalama zokwanira ndendende kukwaniritsa lonjezo lake.

Choyamba amaona kuchuluka kwa masheya oti agule. Phindu la opushoni limasiyana ndi R15 pakati pa njira ziwirizo, pamene mtengo wa sheya umasiyana ndi R30. Kugawa 15 ndi 30 kukupereka theka, nambala imene amalonda amaitcha delita. Choncho pa opushoni iliyonse agule theka la sheya. Ngati walonjeza masheya 100, agule 50. Theka limenelo lidzakhala R60 mtengo ukakwera, kapena R45 ukatsika. Kenako amakongola ku banki ndalama zimene pamodzi ndi chiwongoladzanja zidzakwane R45, zomwe lero ndi R44.12. Tsopano onani. Mtengo ukakwera ali ndi R60, abweza R45, zotsala ndi R15, zomwe ndi zimene mwini opushoni akufuna. Ukatsika ali ndi R45, abweza R45, sakhala ndi kanthu, koma palibenso womufunsa kanthu. Theka la sheya wagula ndi R50, ndipo R44.12 ndi ya banki. Yochoka m'thumba mwake ndi R5.88. Umenewu ndiwo mtengo wa opushoniyo.

Bwanji osati R8? Chifukwa wina aliyense angagulitse opushoni pa R8, n'kudzitchinjiriza ndi R5.88, n'kutsala ndi R2.12 popanda choopa chilichonse. Phindu lotere silikhalitsa pa msika, anthu amalithamangira mpaka mtengo ubwerere m'malo mwake.

Pali njira yachidule yopezera yankho lomweli. Titchule kukwera kuti u, komwe ndi 1.2, kutsika kuti d, komwe ndi 0.9, ndipo chiwongoladzanja kuti r.

```
p = (1 + r - d) / (u - d) = (1.02 - 0.9) / (1.2 - 0.9) = 0.4
C = (0.4 × 15 + 0.6 × 0) / 1.02 = 5.88
```

Nambala ya 0.4 imeneyi yasocheretsa ophunzira ambiri, chifukwa imaoneka ngati mwayi woti sheya ikwere. Si mwayi ayi. Ndi sikelo chabe yochokera pa u, d ndi r. Munthu wokhulupirira kuti sheyayi ikwera ndithu ndi mnzake wokhulupirira kuti igwa ayenera kugwirizanabe pa R5.88, malinga onse avomereza kuti mitengo yotheka ndi R120 ndi R90 basi. Ndipo p akatuluka pansi pa 0 kapena pamwamba pa 1, dziwani kuti manambala anu alakwika: 1 + r ayenera kukhala pakati pa d ndi u.

Tsopano titalikitse mgwirizano ufike miyezi isanu ndi umodzi, ndiye kuti mphanda ziwiri zotsatizana. Kuchokera pa R120 sheya ipita pa R144 kapena R108. Kuchokera pa R90 ipita pa R108 kapena R81. Pamapeto pali mitengo itatu, ndipo opushoni idzapereka R39, R3, kapena osapereka kanthu. Kuwerenga kumayambira kumapeto, kubwerera chammbuyo. Titaima pa R120, tichulukitse 39 ndi 0.4, 3 ndi 0.6, tiphatikize, tigawe ndi 1.02, tipeza R17.06. Titaima pa R90, njira yomweyo ipereka R1.18. Tibwererenso kamodzi ndi manambala awiriwa, ndipo lero opushoniyo ndi R7.38. Yakwera kuposa R5.88 chifukwa nthawi yaitali imapatsa mtengo mpata wopita kutali.

Chofunika kuchiona si R7.38 yokha, koma ntchito imene wogulitsa wadzipatsa. Lero delita ndi 0.53. Sheya ikafika R120, delita imakhala 1, ndiye amene walonjeza masheya 100 achoke pa 53 afike pa 100. Ikagwa pa R90, delita ndi 0.11, agulitse 42 atsale ndi 11. Amagula zinthu zitakwera, amagulitsa zitatsika, ndipo kutaya kumeneku ndiko kumene ndalama ya opushoni imalipirira.

Mphanda zilinso ndi ubwino umene masamu oyambirira a Black ndi Scholes alibe. Maopushoni ena amalola mwini wake kugwiritsa ntchito ufulu wake tsiku lililonse, osadikira tsiku lomaliza. Tengani ufulu wogulitsa sheya yomweyi pa R105. Pa mphanda ya R90, kudikira kuli ndi mtengo wa R14.12, koma kugulitsa pompo kukupereka R15, ndiye wanzeru agulitsa pompo. Pa mphanda iliyonse mumayerekeza ziwirizi n'kulemba chachikulu. Makompyuta amachita zimenezi pa mphanda mazanamazana, ndipo kwa opushoni yodikira tsiku lomaliza, mphanda zikachuluka yankho limayandikira la Black ndi Scholes.

Popeza mtengo wa opushoni ndi ndalama yodzitchinjirizira, masamuwa amaterera paliponse pamene kudzitchinjiriza kwalephereka. Poterera poyamba ndi pa u ndi d. Ife tangosankha 1.2 ndi 0.9, koma pa ntchito yeniyeni amachokera pa nambala yoyeza kusinthasintha kwa mtengo, imene imalembedwa σ, motere: `u = e^(σ√Δt)` ndi `d = 1/u`. Vuto n'lakuti σ wa miyezi ikubwerayi palibe anamuona. Amatengedwa pa mitengo yakale kapena pa maopushoni ena amene ali kale pa msika. Mukaika R130 ndi R80 m'malo mwa R120 ndi R90, opushoni ya miyezi itatu ija imachoka pa R5.88 kufika pa R10.78. Masamu ndi omwewo, yankho latsala pang'ono kuwirikiza. Wina akakupatsani mtengo wa opushoni, funso loyamba likhale lakuti wagwiritsa ntchito σ wanji, ndipo wamutenga kuti.

Poterera pachiwiri mpoopsa kuposa apa, ndipo ndi pamene ndimafuna wowerenga aliyense amvetse. Mitengo imalumpha. Bwererani kwa wogulitsa uja wa theka la sheya ndi ngongole ya R45. Sheya ikadzukira pa R70, theka lake ndi R35, ngongole ndi R45, wataya R10. Ikadzukira pa R140, theka lake ndi R70, atabweza ngongole atsala ndi R25, koma mwini opushoni akufuna R35, wataya R10 kachiwiri. Kumwamba ndi pansi komwe, kutayako kukuposa R5.88 imene analandira. Kuchulukitsa mphanda sikuchiza nthendayi, chifukwa mphanda zing'onozing'ono zimaganiza kuti pakati pa R100 ndi R70 panali mpata wogulitsa pa R99, pa R98, n'kumatsika choncho. Pa 19 Okutobala 1987, mlozo wa Dow Jones ku New York unagwa ndi 22.6 peresenti tsiku limodzi, ndipo mpata umenewo kwa ambiri panalibe. Pa 15 Januwale 2015, banki yaikulu ya Switzerland inasiya mwadzidzidzi kugwira ndalama yake pa 1.20 poyerekeza ndi yuro, ndalamayo n'kulumpha m'mphindi zochepa. Kwathu kuno tinaona kwacha ikutsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Ndalama yogwiridwa ndi boma imaoneka yodekha miyezi yambiri, σ wake wochokera pa mbiri n'kukhala wamng'ono, ndipo masamu amapereka opushoni yotchipa pa nthawi imene ngozi ili yaikulu kwambiri.

Msika nawo umadziwa zimenezi, ndipo umasiya chizindikiro chooneka. Tengani maopushoni angapo a chinthu chimodzi, otha tsiku limodzi, koma a mitengo yogwirizana yosiyana, ndipo pa iliyonse mufufuze σ amene angapereke mtengo umene ikugulitsidwa. Masamuwa akadakhala oona kotheratu, σ akadatuluka mmodzi. Kuyambira 1987, pa maopushoni a milozo ya masheya ya ku America, oteteza ku kugwa kwakukulu amatulutsa σ wamkulu kuposa ena. Amalonda amalipiritsa mantha a kulumpha, kenako n'kuwabisa mu σ.

Zina n'zooneka msanga. Masamuwa amaganiza kuti kugula ndi kugulitsa n'kwaulere, pamene kuchoka pa masheya 53 kufika pa 100 kumadya ndalama ya dalali, ndipo pa msika wa ogula ochepa kugula kwanu komweko kumakweza mtengo. Amaganiza kuti mumakongola ndi kusunga ndalama pa chiwongoladzanja chimodzi, zimene aliyense amene analowapo m'banki akudziwa kuti sizichitika. Kampani ikagawa phindu kwa eni masheya, mtengo wa sheya umatsika ndi pafupifupi ndalama yomweyo, ndipo mphanda ziyenera kukonzedwa.

Pa chimanga pamawonjezeka zinanso. Maopushoni a chimanga choyera ku Johannesburg amamangidwa pa migwirizano yodzapereka chimanga m'tsogolo, imene sifuna kulipira mtengo wonse lero, choncho p amasintha kukhala `(1 - d) / (u - d)`. Komanso mtengo umene mphanda zikutsata ndi wa ku South Africa, osati wa pa msika wa Lizulu kapena Mitundu. Pakati pa iwiriyi pali mayendedwe, malire a mayiko ndi mphamvu ya randi poyerekeza ndi kwacha, ndipo boma likaletsa kutumiza chimanga kunja mitengo iwiriyi ikhoza kulowera kosiyana. Amene akufuna chitetezo pa chimanga chofika m'nkhokwe ya kwathu ayenera kuwerengera zimenezi padera ndi kuzilemba mu mgwirizano momwemo.