Chikwama chofiira chisanduke chabuluu, mthunzi wake ukhale pomwepo

Tiyerekeze mayi wina wogulitsa zikwama zachikopa za amayi. Ali ndi chithunzi chimodzi chabwino kwambiri: chikwama chofiira chili patebulo loyera pafupi ndi windo, kuwala kukuchokera kumanzere. Paphewa la chikwamacho pali kamzere konyezimira, mthunzi wagwera kumanja, ndipo timakwinya ta chikopa tikuoneka bwinobwino. Tsopano katundu watsopano wafika, zikwama zomwezo koma zabuluu woderako. Mayiyu akufuna chithunzi chachiwiri chofanana ndi choyambacho pa chilichonse, kusiyana mtundu wokha.

Masiku ano pali mapulogalamu amene munthu amangowalembera chiganizo, iwo nkusintha chithunzi. Njirayi inadziwika kwambiri mu 2022 pamene Tim Brooks, Aleksander Holynski ndi Alexei Efros a ku yunivesite ya California ku Berkeley anatulutsa InstructPix2Pix. Mu 2023 kampani ya Adobe inaika Generative Fill mu Photoshop, ndipo mu 2025 kunabwera FLUX.1 Kontext ya Black Forest Labs ndi Gemini 2.5 Flash Image ya Google, imene ambiri amaitcha Nano Banana. Onsewa amatha kusintha mtundu wa chikwama m'masekondi ochepa. Chovuta ndi kuwaletsa kuti asasinthe zina.

Chifukwa chake chili m'mene amagwirira ntchito. Pulogalamu yotere sipaka utoto pamwamba pa chithunzi. Imachita ngati waluso wojambula pamanja amene wayang'ana chithunzi chanu nkuchijambulanso papepala lina, uku akutsatira zimene mwamuuza. Ambiri mwa mapulogalamuwa amayamba afinya chithunzicho kaye. Mu Stable Diffusion ya 2022, chithunzi cha mapikiseli 512 m'litali ndi 512 m'lifupi chimafinyidwa kufika pa 64 ndi 64, kusinthako kumachitikira pamenepo, kenako chithunzicho chimatambasulidwanso. Zinthu zazikuluzikulu zimabwerera bwino. Zing'onozing'ono, monga kasokedwe ka ulusi, timano ta zipi ndi zilembo za dzina la kampani, pulogalamu imachita kuzilingalira, ndipo nthawi zina imalingalira molakwa. Munthu akangolemba kuti chikwama chikhale chabuluu, amatha kulandira chikwama chabuluudi, koma chikopa chake chitasalala ngati pulasitiki, lamba atafupika pang'ono, mthunzi utafewa.

Kuti mayi uja alembe lamulo labwino, ayenera kudziwa kaye kuti m'chithunzi chake muli kuwala kwa mitundu iwiri. Kuwala kwina kumalowa pang'ono m'chikopa, nkutuluka kutatenga mtundu wa utoto wake. Uku ndiye kufiira kumene maso amaona. Kwina kumadumphira pamwamba penipeni osalowa mkati, ndipo kumasunga mtundu wa gwero lake, kaya windo kaya nyali. Uku ndiye kunyezimira kuja kwa paphewa la chikwama. Steven Shafer anafotokoza kusiyana kumeneku mu 1985, ndipo ndi kumene kumatiuza kuti kamzere konyezimira pachikwama chofiira ndi kotuwira ku zoyera, ndipo pachikwama chabuluu kayenera kukhalabe kotero. Kakasanduka kabuluu wowala, chikopa chimayamba kuoneka ngati chitsulo chopentedwa, poti ndi zitsulo monga golide ndi mkuwa zimene zimapatsa kunyezimira mtundu wawo. Ngakhale wogula asathe kutchula cholakwika, maso ake amamuuza kuti chithunzichi ndi chabodza.

Lamulo lenilenilo limalembedwa nthawi zambiri m'Chingerezi, chifukwa mapulogalamu ambiri anaphunzitsidwa kwambiri ndi chilankhulo chimenecho. La mayi uja likhoza kukhala lotere:

```
Change only the red leather of the handbag, including the strap,
to navy blue (#1F3A5F). Keep the leather grain, creases, stitching,
gold buckle and logo exactly as they are. Keep the highlights white
and in the same place. Keep the shadow, table, lighting and framing
unchanged.
```

Chiganizo choyamba chikutchula chinthu chimodzi chosintha, ndipo chinthucho ndi chikopa, osati chikwama chonse. Mawu oti chikwama amaphatikiza zipi, ulusi, nsalu yamkati ndi chitsulo chotsekera, ndiye pulogalamu ikauzidwa za chikwama imakhala ndi chilolezo chodetsa zonsezo. Lamba watchulidwa padera chifukwa amatha kuiwalika nkutsala wofiira. Ziganizo zotsatirazo zikutchula ndi dzina chilichonse choyenera kukhala chimodzimodzi. Kungolemba kuti zina zonse zisasinthe kumathandiza pang'ono, koma kutchula timakwinya, ulusi ndi malo a kunyezimira kumathandiza kwambiri. M'lamuloli mulibe mawu oti chithunzi chikongole, chiwale, kapena chioneke ngati cha akatswiri. Mawu oterewa amauza pulogalamu kuti ikonze kuwala, chinthu chomwe mayiyu akufuna chisakhudzidwe.

Nambala ija, #1F3A5F, ndi njira imene makompyuta amalembera mtundu. Imathandiza kulozera, koma mapulogalamuwa sayitsata ndendende. Ngati pulogalamu imalola kulowetsa zithunzi ziwiri, ndi bwino kujambula chikopa chenicheni cha buluu pawindo lomwelo, nkuiuza kuti itengere mtundu pamenepo.

Apa pali mfundo imene ambiri amaiphonya, ndipo ndi imene imasiyanitsa ntchito yabwino ndi yothamangira. Kunena kuti mthunzi usasinthe nkomwe sikolondola kwenikweni. Chikwama chofiira chikakhala patebulo loyera chimaponyera kufiira pang'ono patebulopo, makamaka m'munsi mwake, mkati mwa mthunzi. Chitsulo chotsekera nachonso, poti ndi chonyezimira, chimaonetsa kufiira kwa chikopa choyandikana nacho. Pulogalamu ikamvera lamulo mokhulupirika, chikwama chabuluu chimakhala pamwamba pa mthunzi wofiirira, ndipo kufiirako kulibe kochokera. Choyenera kusungidwa ndi maonekedwe a mthunzi, kumene walowera, kuderako kwake ndi kufewa kwa m'mphepete mwake. Kufiira kumene unabwereka kwa chikwama kuyenera kuchoka. Chiganizo chimodzi chowonjezera chimakonza zimenezi:

```
Replace the faint red tint in the shadow and on the buckle with a
matching navy tint, keeping the shadow's shape and darkness.
```

Palinso nkhani ya kuda ndi kuwala kwa mtundu weniweniwo. Akatswiri amagwiritsa ntchito muyezo wa CIELAB wa mu 1976, umene umalekanitsa kuwala kwa mtundu ndi mtunduwo, kuyambira pa 0, kuda bii, kufika pa 100, kuyera mbee. Tinene kuti kufiira kwa chikwama chathu ndi #B3262A. Pa muyezowu kuli pafupi ndi 40. Mtundu wobiriwira wa #2E6B4F uli pafupi ndi 41, choncho kusintha kuchoka ku kufiiraku kupita ku kubiriwiraku nkosavuta: malo oderako ndi owala amakhala momwe analili, mtundu wokha ndiwo umasinthana. Koma buluu wa mayi uja ali pafupi ndi 24. Chikopa chiyenera kuderako ndithu, apo ayi chikhala buluu wapakatikati amene sali m'sitolo mwake. Thupi la chikwama likamadera, kunyezimira kuyenera kutsala kowala monga kale, ndiye kusiyana pakati pa ziwirizi kumakula ndipo chikwama chabuluu chimaoneka chonyezimirako kuposa chofiira. Si cholakwika chimenecho, ndi mmene chikopa chakuda chimaonekeradi. Cholakwika ndi pamene timakwinya ta mbali yamthunzi tamira mumdima nkusanduka chigamba chimodzi chakuda.

Chithunzi chikatuluka, maso okha sakwana kuchiweruza, makamaka pafoni. Njira yodalirika ndi kutsegula zithunzi zonse ziwiri mu Photoshop kapena mu GIMP, imene ndi yaulere, chatsopano pamwamba pa chakale, nkusankha Difference. Paliponse pomwe zithunzizo zikufanana pamada bii. Pomwe zasiyana pamawala. Ntchito ikakhala yabwino, chikwama chokha ndi kachigawo ka tebulo m'munsi mwake ndizo zimawala. Ngati m'mphepete mwa tebulo kapena mwa windo mukuoneka timizere towala, ndiye kuti chithunzi chonse chasuntha kapena chasinthidwa kukula kwake, zimene zimachitika kawirikawiri chifukwa mapulogalamu ambiri amabweza chithunzi pa muyezo wawo. Ngati tebulo lonse likuwala pang'ono, pulogalamu yasintha kuwala kwa chipinda. Mayeso achiwiri ndi kuchotsa mitundu m'zithunzi zonse ziwiri kuti zikhale zoyera ndi zakuda, nkuzikulitsa pamalo amodzi. Pamenepo munthu amawerenga masokedwe a ulusi pakona, amayang'ana ngati kakwinya ka pafupi ndi lamba kadakalipo, ndi ngati zilembo za dzina zikuwerengeka monga kale.

Zikapezeka kuti zasokonekera, chiyeso chimakhala chopitiriza kukonza pachithunzi chatsopanocho: lamulo lina la ulusi, lina la zipi, lina la tebulo. Koma lamulo lililonse limafinya ndi kutambasulanso chithunzicho, ndiye chikopa chimasalalirasalalira ndipo mitundu imasochera pang'onopang'ono. Bwino kubwerera ku chithunzi choyambirira, kukonza mawu, nkuyesanso. Pomwe pulogalamu imalola kuzunguliza malo oti igwirepo ntchito, chikopa chokha ndicho chizungulizidwe, ndi kachigawo ka mthunzi kaja.

Odziwa ntchitoyi amachita chinthu china chowonjezera chimene mayi uja angachite bwino kuphunzira. Sadalira chithunzi cha pulogalamu chonse. Amachiika pamwamba pa choyambirira, nkufufuta zonse kupatula chikopa, kotero tebulo, windo, zipi ndi dzina la kampani zimakhala za m'chithunzi chenicheni cha kamera. Pamitundu yofanana kuwala, ngati wofiira ndi wobiriwira uja, amapita patsogolo: amasankha Color mu Photoshop, kuti chithunzi chatsopano chipereke mtundu wokha pamene kakwinya kalikonse kachokere m'chakale. Pa buluu woderako njirayi payokha imabweretsa buluu wowala kwambiri, ndiye pamafunika kudetsa chikopacho ndi Curves, kusiya malo onyezimira osakhudzidwa.

Pali pomwe njira zonsezi zimalephera. Chikwama chakuda sichisanduka choyera mokhulupirika, chifukwa m'malo akuda kamera inasunga zochepa kwambiri, ndipo mithunzi yofewa imene imaoneka pachikopa choyera munalibemo. Pulogalamu imachita kuipeka. Botolo lagalasi, nsalu yamaluwamaluwa ngati chitenje, ndi chinthu chachitsulo zimavutanso chimodzimodzi. Ndipo ngati zikwama zabuluu zinabwera ndi ulusi woyera pomwe zofiira zinali ndi ulusi wofiira, kusintha mtundu wa chikopa chokha kumapereka chithunzi cha katundu amene kulibe. Mayi uja asanatumize chithunzicho kwa makasitomala, ayenera kuika chikwama chenicheni cha buluu pafupi ndi foni kapena kompyuta masana, nkuyerekeza mtundu, ulusi ndi chitsulo chotsekera. Zikasiyana pa chimodzi mwa izi, atengere chikwamacho patebulo loyera lija pa ola limene anajambulira chofiira, achijambule.